Manambala awiri pa madashibodi akasemphana: kalembedwe ka imelo yofotokozera bwana nambala yolondola

Uthenga wa bwana nthawi zambiri umakhala waufupi. Tiyerekeze kuti afunsa motere: "Dashibodi ya zamalonda ikuti mu Malichi tinali ndi maoda 12,480, ya zachuma ikuti 11,905. Mu lipoti la Lachisanu ndilembe iti?" Manambalawa asiyana ndi 575, ndipo onse awiri alembedwa pansi pa mutu umodzimodzi wakuti `Orders`. Chitsanzochi ndi chopeka, koma mavuto ali m'menemo ndi omwe amapezeka tsiku ndi tsiku pa ntchito yosanthula deta. Tichitsata kuyambira pa funso la bwana mpaka pa imelo yowayankha.

Kulemba imeloyo sikudya mphindi makumi awiri. Chimene chimadya nthawi ndi kufika poti 575 yense mukutha kunena kumene wachokera, popanda wotsala ngakhale mmodzi. Musanafike pamenepo musalembe zoti "mwina ndi masefa" kapena "zikuoneka ngati deta sinalowe bwino". Mawu oterowo bwana amawanyamula n'kukawanena kumsonkhano ngati yankho lenileni, ndipo kudzawabweza kumavuta.

Gawo loyamba: gwirani manambala onse awiri asanasinthe

Dashibodi si chikalata chosindikizidwa. Deta yatsopano ikalowa usiku, nambala imene bwana anaona dzulo ikhoza kukhala ina lero. Choncho tsegulani madashibodi onse awiri nthawi imodzi, jambulani sikirini iliyonse yathunthu kuti masefa onse aoneke, ndipo lembani tsiku ndi ola limene mwajambula. Lembaninso nthawi imene dashibodi iliyonse inalandira deta komaliza. Ambiri amaionetsa pakona ndi mawu ngati `Last refreshed`. Ngati imodzi inalandira deta lero m'mawa ndipo inayo masiku atatu apitawo, yambani mwailowetsa deta yatsopano yotsalirayo, muone ngati kusiyanako kukadalipo.

Muonetsetsenso kuti mukuona zimene bwana akuona. Pali madashibodi amene amakumbukira sefa imene munthu anasankha ulendo wapitawo, ndipo pali ena amene amapatsa aliyense mizere yokhudza gawo lake lokha. Ngati kwa inu ikuonetsa 12,480 ndipo kwa iwo 12,480, zili bwino. Ngati zasiyana, apempheni chithunzi cha sikirini yawo musanachite china chilichonse.

M'chitsanzo chathu zonsezi zili m'malo: madashibodi onse analandira deta m'mawa wa Lachiwiri pa 8 Epulo 2025, ndipo kusiyana ndi 575 ndithu.

Gawo lachiwiri: lembani m'mawu wamba chimene nambala iliyonse ikuwerenga

Dzina lolembedwa pamwamba pa nambala musalikhulupirire. Tsegulani lamulo la SQL kapena fomula imene ikutulutsa nambalayo, muyankhe mafunso anayi pa dashibodi iliyonse. Mzere umodzi ukuimira chiyani, oda kapena malipiro? Tsiku limene likuika oda m'mwezi wa Malichi ndi liti, loitanitsa kapena lolipira? Ndi maoda ati amene akuchotsedwa? Nanga nthawi ikuwerengedwa pa wotchi iti, ya UTC kapena ya kumene kampani ili?

Mayankho ake muwaumbe kukhala chiganizo chimodzi pa nambala iliyonse. Kwa ife zatuluka motere. Dashibodi ya zamalonda ikuwerenga mizere yonse ya maoda amene `created_at` yake, kutanthauza tsiku limene oda inaitanitsidwa, ili mu Malichi, osachotsapo kalikonse. Dashibodi ya zachuma ikuwerenga maoda amene `paid_at` yake, kutanthauza tsiku limene oda inalipiridwa yonse, ili mu Malichi, ndipo imataya maoda oyesera. Mukangoika ziganizo ziwirizi pamodzi, mwaona kale kuti manambalawa sakanafanana ngakhale pakanapanda cholakwika chilichonse, chifukwa akuyankha mafunso awiri osiyana. Koma musaimire pomwepa. Ambiri akapeza kuti matanthauzo asiyana amathamangira kulemba kuti "onse ndi olondola", pamene mkati mwa 575 muja mwabisalanso cholakwika chenicheni.

Zinthu ziwiri zokhudza masiku muzione pomwe pano. Ngati dashibodi imodzi ili pa UTC ndipo inayo ili pa wotchi yotsogola ndi maola awiri, maoda onse olowa pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku wa pa 1 pa wotchi yotsogolayo agwera m'miyezi yosiyana. China ndi ichi: `BETWEEN '2025-03-01' AND '2025-03-31'` pa kolamu yosunga tsiku pamodzi ndi ola imathera pa chiyambi penipeni pa tsiku la 31, ndiye tsiku lonse lomaliza limatayika. Chizindikiro chake n'chakuti kusiyanako kumakhala kofanana ndi maoda a tsiku limodzi. Kwa ife zonse ziwirizi palibe, komabe lembani pambali kuti mwaziona, chifukwa wina adzafunsa.

Gawo lachitatu: yerekezani maoda enieniwo, osati ziwerengero zomaliza

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Ziwerengero ziwiri zomaliza zimangokuuzani kuti pali kusiyana. Sizingakuuzeni kuti kwachokera kuti. Komanso 575 ndi zotsala zina zitachotserana ndi zinzake. Mungakhale ndi maoda mazana asanu owonjezera mbali ino ndi mazana awiri owonjezera mbali inayo, ndipo pamwamba pangooneka mazana atatu. Njira yake ndi kutulutsa mndandanda wa `order_id` kuseri kwa nambala iliyonse.

Yambani ndi kufunsa ngati mzere uliwonse ukuimiradi oda imodzi. Werengani mizere yonse, kenaka werengani maoda osabwereza, pogwiritsa ntchito lamulo lomwelo limene dashibodi ikugwiritsa:

```sql
SELECT COUNT(*), COUNT(DISTINCT o.order_id)
FROM orders o
LEFT JOIN payments p ON p.order_id = o.order_id
WHERE o.created_at >= '2025-03-01'
  AND o.created_at <  '2025-04-01';
```

Yankho likubwera 12,480 ndi 12,268. Mizere yachuluka ndi 212 kuposa maoda. Chachititsa ndi `JOIN` imeneyo. Tebulo la `orders` lili ndi mzere umodzi pa oda iliyonse, pamene la `payments` lili ndi mzere umodzi pa malipiro alionse. Kasitomala akalipira oda imodzi kawiri, theka lero theka mawa, kulumikiza matebulowa kumatulutsa odayo kawiri, ndipo `COUNT(*)` imawerenga mizere yonse iwiri. Kuti mutsimikize, ikani `o.order_id` pa `SELECT` ndipo onjezani `GROUP BY o.order_id HAVING COUNT(*) > 1`, muone maoda obwerezedwawo ndi maso anu.

Apa chenjerani pa kalankhulidwe. 212 si chiwerengero cha maoda obwerezedwa, ndi chiwerengero cha mizere yapamwamba. Kwa ife maoda 196 analipiridwa kawiri, ndipo iliyonse yawonjezera mzere umodzi. Maoda 8 analipiridwa katatu, ndipo iliyonse yawonjezera mizere iwiri. 196 kuphatikiza 16 ndi 212, pamene maoda okhudzidwa ndi 204. Mukalemba mu imelo kuti "maoda 212 anabwerezedwa" kenaka wina atsegule fayilo n'kupezamo maoda 204, ayamba kukayikira zina zonse zimene mwalemba.

Chitani chimodzimodzi ku dashibodi ya zachuma. Kumeneko mizere ndi 11,905 ndipo maoda osabwereza ndi 11,905. Palibe vuto.

Tsopano ikani mindandanda iwiriyo m'matebulo ongogwirizira, mufunse kuti ndi maoda ati ali uku koma kulibe uko:

```sql
SELECT order_id FROM sales_march
EXCEPT
SELECT order_id FROM finance_march;
```

Kenaka tembenuzani mayina a matebulowo mufunsenso mbali inayo. Pa Oracle mawu ozolowereka ndi `MINUS`. Pewani `NOT IN` ngati mu mndandanda wachiwiri mungakhale `NULL`, chifukwa `NULL` mmodzi yekha amachititsa kuti lamulo lonse lisabweze mzere uliwonse, ndipo inu muganiza kuti mindandanda yafanana. Ngati mukugwira ntchitoyi mu Excel, `=COUNTIF(B:B,A2)` ikuthandizani, bola mukumbukire kuti Excel imasunga madijiti 15 okha a nambala, ndiponso imadya maziro oyambirira mukatsegula fayilo ya CSV mwachisawawa. Manambala a oda akakhala ataliatali, maoda awiri osiyana akhoza kuoneka ngati amodzi.

Zotsatira zathu: maoda 536 ali ku zamalonda koma kulibe ku zachuma, maoda 173 ali ku zachuma koma kulibe ku zamalonda, ndipo 11,732 ali konsekonse. Yesani masamu musanapitirire. 11,732 kuphatikiza 536 ndi 12,268. 11,732 kuphatikiza 173 ndi 11,905. Zikakana kugwirizana apa, ndiye kuti mindandanda yanu sinachokere ku malamulo omwe madashibodi akugwiritsa ntchito, bwererani.

Gawo lachinayi: oda iliyonse ipatseni chifukwa chimodzi chokha

Maoda 173 aja savuta. Mukaona `created_at` yake mupeza kuti onse anaitanitsidwa Malichi asanafike, ambiri kumapeto kwa Febuluwale, n'kulipiridwa mu Malichi.

Maoda 536 ndiwo ofunika kugawa, ndipo apa pali msampha umene umagwira ngakhale anthu ozolowera ntchitoyi. Munthu amawerenga chifukwa chilichonse pachokha: oyesera alipo 37, othetsedwa alipo 350, osathetsedwa koma osalipiridwa pofika pa 31 Malichi alipo 158. Akaphatikiza akupeza 545, osati 536. Zapitirira ndi 9. Vuto n'lakuti maoda 9 mwa oyesera aja anathetsedwanso, ndiye awerengedwa m'magulu awiri. Mankhwala ake ndi kuika zifukwazo mu ndondomeko imodzi kuti oda ikagwera m'gulu loyamba isalowenso m'lachiwiri. `CASE` imachita zimenezi yokha, chifukwa imaima pa mzere woyamba umene wagwirizana:

```sql
CASE
  WHEN is_test THEN 'oyesera'
  WHEN status = 'cancelled' THEN 'othetsedwa'
  WHEN paid_at IS NULL
    OR paid_at >= '2025-04-01' THEN 'osalipiridwa'
  ELSE 'osadziwika'
END
```

Tsopano magulu akutuluka 37, 341 ndi 158, pamodzi 536, ndipo gulu la `osadziwika` lilibe kanthu. Mzere wa `ELSE` musausiye. Ndi umene umakuuzani ngati patsala maoda amene simunawamvetse. Mukausiya, maoda amenewo amagwera mu `NULL` mwakachetechete.

Pomaliza pa gawoli, tengani maoda asanu pa gulu lililonse muwatsegule mu sisitimu yolandirira maoda, mmodzimmodzi. Imene mwaitcha yoyesera ionekedi kuti inapangidwa ndi akaunti yoyesera. Imene mwaitcha yothetsedwa ionekedi kuti palibe ndalama inalowa. Nthawi zina mumapeza kuti kolamu ya `status` ili ndi `cancelled` komanso `canceled`, kapena kuti maoda obwezeredwa ndalama akusungidwa pansi pa dzina lomwelo, ndipo magulu anu ayenera kusintha.

Gawo lachisanu: lekanitsani zolakwika ndi matanthauzo, kenaka gamulani

Mwa zifukwa zisanu zimene tapeza, ziwiri ndi zolakwika: mizere 212 yobwerezedwa ndi maoda 37 oyesera. Palibe funso limene yankho lake liyenera kukhala ndi zimenezi. Zitatu zinazo si zolakwika. Oda yothetsedwa inaitanitsidwadi, ndipo amene akufuna kudziwa kuchuluka kwa anthu ofuna katundu ayenera kuiwerenga, pamene wowerenga zolipiridwa sayenera.

Ndiye chigamulo chili chotere. 12,480 ndi yolakwika pa funso lililonse. 11,905 ndi yolondola pa funso lakuti ndi maoda angati analipiridwa mu Malichi. Pa funso lakuti makasitomala anaitanitsa maoda angati mu Malichi, yankho ndi 12,231, kutanthauza 12,480 kuchotsera 249, ndipo nambala imeneyi pakadali pano sikuoneka pa dashibodi iliyonse.

Musanatchule 11,905 kuti ndi yolondola, iyeseni payokha. Kulakwa kwa nambala ina sikutsimikiza kuti inzakeyo ili bwino. Zonse ziwiri zikhoza kulakwa m'njira zosiyana. Werengani maoda olipiridwa kuchokera ku gwero lenileni, osadzera m'matebulo amene amadyetsa dashibodi, kapena funsani a zachuma chiwerengero chimene anatsekera mabuku a mweziwo. Zikafanana, muli ndi umboni woti mulembe.

Kenaka onani lipoti limene bwana akukonza. Ngati nambalayo ikukakhala pafupi ndi ndalama zimene zinalowa mu Malichi, yoyenera ndi ya maoda olipiridwa, chifukwa wina akagawa ndalamazo ndi 12,480 apeza mtengo wapakati wa oda wotsika kuposa weniweni. Ngati simukudziwa kuti lipotilo likuyankha funso liti, afunseni ndi uthenga wa mzere umodzi. Kulemba kuti "zikutengera zimene mukufuna" n'kuwasiya pomwepo ndi kuwabwezera ntchito imene anakupatsani.

Chotsala ndi kudziwa kuti cholakwikacho chinayamba liti. Onani mbiri ya kusintha kwa lamulo la dashibodiyo. Kwa ife `JOIN` ija inawonjezedwa mu Januwale, pamene ankafuna kuika sefa ya njira yolipirira, choncho manambala a Januwale ndi Febuluwale amene anapita kale m'malipoti nawonso ndi okwera. Nkhani imeneyi bwana aimve kwa inu tsopano, asadzaimve kwa wina pamsonkhano.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: lembani imelo

Bwana awerenga imeloyi pafoni, mwina ali pakati pa misonkhano iwiri, ndipo n'kutheka kuti aitumiza kwa ena osawonjezapo mawu. Ndiye yankho likhale pamwamba, umboni pakati, zochita pansi. Mmene munavutikira kufufuza zisalowemo. Nayi imelo yake:

> Mutu: Maoda a Malichi: lembani 11,905, 12,480 ndi yolakwika
>
> Bwana,
>
> Mu lipoti la Lachisanu lembani 11,905, ya pa dashibodi ya zachuma. Ichi ndi chiwerengero cha maoda amene analipiridwa mu Malichi, ndipo ndachiyerekeza ndi chimene a zachuma anatsekera mabuku, zafanana. 12,480 ya pa dashibodi ya zamalonda musaigwiritse ntchito: yakwera molakwika ndi 249. Ngati wina angafunse kuti makasitomala anaitanitsa maoda angati mu Malichi, olipiridwa ndi osalipiridwa omwe, yankho ndi 12,231.
>
> Kusiyana kwa 575 kwachokera apa, malinga ndi deta ya m'mawa wa pa 8 Epulo:
>
> | Chifukwa | Kusintha | Zotsala |
> |---|---|---|
> | Dashibodi ya zamalonda | | 12,480 |
> | Cholakwika: oda yolipiridwa kangapo ikuwerengedwa kangapo | −212 | 12,268 |
> | Cholakwika: maoda oyesera sakuchotsedwa | −37 | 12,231 |
> | Tanthauzo: othetsedwa asanalipiridwe | −341 | 11,890 |
> | Tanthauzo: oitanitsidwa mu Malichi, osalipiridwa pofika pa 31 | −158 | 11,732 |
> | Tanthauzo: oitanitsidwa Malichi asanafike, olipiridwa mu Malichi | +173 | 11,905 |
>
> Palibe oda yotsala yopanda chifukwa. Mndandanda wonse uli m'fayilo imene ndaphatikiza.
>
> Kubwerezaku kunayamba mu Januwale, choncho manambala a Januwale ndi Febuluwale ochokera pa dashibodi ya zamalonda nawonso ndi okwera. Okonzedwa ndikutumizirani Lachinayi m'mawa, kuti lipoti lisayerekeze Malichi wolondola ndi Febuluwale wolakwika.
>
> Ndikupempha chilolezo chanu pa zinthu ziwiri: tikonze dashibodi ya zamalonda mawa pamodzi ndi amene amaiyang'anira, ndiponso tisinthe mayina kuti ina izilembedwa kuti maoda oitanitsidwa, inayo maoda olipiridwa. Ikakonzedwa manambala awiriwa apitirizabe kusiyana, chifukwa akuwerenga zinthu ziwiri.
>
> Zikomo.

Tione chifukwa chimene ina mwa mizereyi yalembedwera choncho.

Mutu wanyamula kale chigamulo. Bwana akapanda kutsegula imeloyo, nambala yoti alembe aiona basi. Mutu wonga "Za madashibodi aja" sungawathandize, ndipo pakatha miyezi itatu palibe amene angaipeze akamafufuza.

Ndime yoyamba ili ndi manambala atatu a maoda a Malichi, ndipo yolondola iliyonse yabwera ndi funso limene ikuyankha. Nambala yachitatu, 12,231, ena amaibisa poopa kusokoneza bwana. Musaibise. Mkulu wa zamalonda akadzamva kuti nambala yake yakanidwa, funso lake loyamba lidzakhala lakuti, nanga yolondola ya mbali yathu ndi iti? Bwana akhale nalo kale yankho.

Tebulo layambira pa nambala ina n'kuthera pa inzake, ndipo kolamu ya zotsala ikulola aliyense kutsatira ndi kakyuleta ya pafoni. Zolakwika zaikidwa pamwamba dala, kuti 12,231 ioneke yokha ngati poima pakati pa ulendowo. Mukasakaniza dongosolo, kuyamba ndi othetsedwa mwachitsanzo, masamu adzathera pa 11,905 pomwepo, koma manambala apakati sadzatanthauza kanthu. Mizere isapitirire isanu kapena isanu ndi umodzi. Ngati muli ndi tizifukwa ting'onoting'ono tambiri, tiphatikizeni mu mzere umodzi, tsatanetsatane apite m'fayilo. Ndipo musafupikitse manambala mu tebulo limeneli: 12,480 mukaisandutsa 12.5 sauzande, masamu asiya kutseka, pamene kutsekako ndiye umboni wanu.

Mawu akuti `JOIN` ndi `COUNT(DISTINCT)` mulibe mu imeloyi. Bwana akufunika kumva chimene chikuchitika, chakuti oda yolipiridwa kawiri ikuwerengedwa kawiri. Malamulo a SQL apite m'fayilo, kapena mu uthenga wina wopita kwa amene akonze dashibodi.

Tsiku la deta latchulidwa chifukwa magulu ena akadasintha. Mwa maoda 158 osalipiridwa aja, ena adzathetsedwa sabata yamawa n'kusamukira ku gulu la 341. Wina akadzabwereza kuwerengaku pa 20 Epulo adzapeza mizere iwiriyo yasintha, ngakhale kuti ikaphatikizidwa idzakhalabe 499. Popanda tsiku, adzaganiza kuti munalakwitsa.

Dzina la amene anawonjezera `JOIN` ija mulibe. Imelo ikunena chimene chinasintha ndi mwezi wake, basi. Ndipo musanaitumize, muonetseni mwini dashibodiyo zimene mwapeza, pamaso kapena pafoni. Si ulemu wokha. Iye akhoza kudziwa chimene inu simukudziwa, monga lipoti lina limene likudyera pa tebulo lomwelo, kapena kuti maoda ena amene mwawatcha oyesera ndi a kasitomala weniweni amene akaunti yake inaikidwa chizindikiro molakwika. Ngati cholakwikacho ndi chanu, nenani m'chiganizo chimodzi, "ndine ndinasintha lamuloli mu Januwale ndipo sindinaone kuti likubwereza", kenaka pitirizani. Ndime yathunthu yopepesa imakankhira yankho pansi.

Mzere womaliza, wochenjeza kuti manambala apitirizabe kusiyana, umakupulumutsani ku imelo ina ya mwezi wamawa. Anthu akamva kuti dashibodi yakonzedwa amayembekeza kuona nambala imodzi konsekonse.

Ngati masamu sanatseke ndipo nthawi yatha

Zimachitika kuti lipoti likufunika madzulo ano pamene gulu la `osadziwika` likadali ndi maoda, tinene 14. Musawakankhire m'gulu lina kuti tebulo lioneke laukhondo. Apatseni mzere wawo, ndipo munene zinthu zitatu: ndi angati, angasinthe chigamulo kapena ayi, ndipo yankho lidzabwera liti. Mwachitsanzo: "Maoda 14 sindinawapezere chifukwa. Onse ali ku dashibodi ya zamalonda ndipo kulibe ku ya zachuma, choncho ngakhale atapezeka kuti analipiridwa onse, 11,905 ingangokwera kufika 11,919. Ndikuuzani pofika Lachinayi masana." Bwana akhoza kugamula okha ngati kusiyana kotereku n'kofunika kudikira.

Zimasintha ngati zotsalazo ndi zambiri moti simungathe kunena kuti nambala yolondola ndi iti. Pamenepo imelo inene zomwezo pa mzere woyamba, itchule nambala imene mwatsimikiza kale kuti ndi yolakwika ngati ilipo, ndipo ipemphe kuti mzere umenewo mu lipoti uyembekeze kaye kapena ulembedwe kuti ndi wongoyembekezera.

Dashibodi ikakonzedwa

Kukonza kwenikweni ndi kwa mizere iwiri: kuwerenga `COUNT(DISTINCT o.order_id)` m'malo mwa `COUNT(*)`, ndi kuwonjezera sefa yochotsa `is_test`. Koma onaninso manambala ena onse amene akuchokera pa lamulo lomwelo. Ngati dashibodiyo ikuphatikizanso mtengo wa maoda ndi `SUM`, nawonso wakhala ukubwerezedwa pa maoda 204 aja, ndipo `SUM(DISTINCT ...)` siingakonze zimenezo, chifukwa imataya maoda osiyana amene mtengo wake wangofanana. Njira yabwino ndi kufupikitsa tebulo la `payments` kuti likhale ndi mzere umodzi pa oda iliyonse lisanalumikizidwe ndi la `orders`.

Onetsetsani kuti miyezi ya m'mbuyo yawerengedwanso. Madashibodi ena amasunga chiwerengero cha mwezi ukatha ndipo sachibwereranso. Mukakonza za kutsogolo kokha, girafu idzaonetsa ngati maoda atsika ndi pafupifupi 2 peresenti pa mwezi umene mwakonzawo, ndipo wina adzayamba kufufuza kutsika kumene sikunachitike.

Mukamaliza, tsegulani dashibodi ya zamalonda, sankhani Malichi 2025, muone ngati ikuonetsa 12,231 ndendende. Ikatero, yankhani pa imelo yomwe ija, osayamba ina, ndi chithunzi cha sikirini ndi mizere iwiri: nambala yatsopano ya Malichi, ndi manambala okonzedwa a Januwale ndi Febuluwale pambali pa akale aja.